Injiniya Sanagwire Rula

Ophunzira a zamagetsi pakoleji paja ankamutcha Mayi Rula, ndipo iye dzinalo ankalidziwa, sankadana nalo. Ankaphunzitsa kosi ya kontirolo, ija ya mmene makina amadziwongolera okha, ndipo m'kalasi sankalowa wopanda rula yake yachitsulo. Sikuti ankamenyera anthu ayi, ngakhale ena ankati bola akanamamenya. Ankaiika papepala la wophunzira, n'kuitsetsereza pang'onopang'ono mpaka pamene munthuyo wanama, kenako n'kumuyang'ana osalankhula kanthu. Anyamata a ndevu zawo ankatuluka mu ofesi mwake atazyolika. Mayiyu anali atagwetsapo pamayeso mwana wa mkulu wina wa pakoleji pomwepo, ndipo nkhani imeneyo ankainyadira kuposa masatifiketi ake onse.

Tsoka lake linali lakuti mbutuma yaikulu ya m'kalasi mwake inkagona m'nyumba mwake momwe.

Anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake. Apongozi a Mayi Rula, mayi ake a mnyamatayo, ndi amene anamutcha Injiniya tsiku lomwe kalata yomuitana kukoleji inafika, ndipo mwiniwakeyo dzinalo analivala ngati jekete. Pabalaza anakhomapo msomali n'kukolekapo chipewa choyera cha ogwira ntchito zomangamanga, chonyezimira, chopanda ndi fumbi lomwe, poti chinali chisanafikepo pamalo alionse a ntchito. Ankadzuka dzuwa litakwera, n'kusamba mpaka madzi otentha kutha, n'kutuluka akununkhira ngati shopu ya mafuta odzola. Babu la m'bafa litapsa, Injiniya wa zamagetsiyo anasamba mumdima mpaka Mayi Rula anakwera yekha pampando n'kulisintha. Ankamunyoza mlamuyo kuyambira kunsapato zake zosongoka mpaka kutsitsi, ndipo akamumva akufotokozera alendo za makina, ankangotsonya ali kukhitchini.

Kontirolo Injiniya anali atailephera kale chaka chathacho, m'manja mwa mphunzitsi wina. Lamulo la koleji silinkazungulira: ukailephera kachiwiri, unyamule zako uzipita. Koma lamulo lina linalinso pomwepo, lakuti mphunzitsi woulula mayeso ntchito imamuthera. Mayi Rula lachiwirili sankaliganizira n'komwe, ankaliona ngati la anthu ena. Teremu itangoyamba anaimirira pamsonkhano wa aphunzitsi n'kulengeza, mawu ali pamwamba, kuti m'kalasi mwake muli m'bale wake, choncho iye sadzakhudza malikisi ake. Anzake anagwedeza mitu momuyamikira. Anagwirizana kuti mnyamatayo adzayesedwa ndi mkulu wa dipatimenti pamodzi ndi Mlendo, woyesa wochokera kukoleji ina amene ankabwera pakutha pa chaka. Koma pepala la mayeso ankakonza anali Mayi Rula yemweyo, poti kosiyo inali yake.

Mayeso omaliza sanali olemba. Ankachitikira mulabu, munthu mmodzimmodzi, enawo atatsekeredwa m'chipinda china mafoni atalandidwa. Patebulo pankakhala mota yamagetsi yokhala ndi mkono wachitsulo wonga muvi wa wotchi, woti ukaulamula kuloza pakuti, upite pomwepo n'kuima. Pambali pake panali chopotokolera cha manambala, chokwezera geni, kutanthauza mphamvu imene makinawo amayankhira nayo akaona kuti mkono waphonya. Geni ikachepa mkono umayenda mwaulesi. Ikachuluka umapitirira, n'kubwerera, n'kupitiriranso, ndipo ikapyola malire sukhazikikanso. Wophunzira ankapatsidwa pepala la magilafu awiri n'kuuzidwa kuti awerenge mipata iwiri yosonyeza kuti malirewo ali patali bwanji. Ndiye panali mwambo umene ophunzira ankautcha kudya zophika wekha: mpata umene wanenawo ankakuuza kuti uuyese pamakinawo ndi dzanja lako lomwe.

Mayeso atayandikira, apongozi anatulukira ndi chikwama chachikulu, ati abwera kudzaona zidzukulu. M'chikwamamo munali suti ya Injiniya yodzavala potenga digiri, ndipo anaikoleka pabalaza pafupi ndi chipewa chija kuti aliyense aziiona. Sananene kalikonse molunjika, anthu otere salunjika. Ankangousa moyo pakudya, n'kumati iwo sukulu sanapite nayo patali koma chimodzi amachidziwa, chibale ndi fupa sichiola. Kenako anayamba kuphika kapoto kawokawo, ati asavutitse anthu ophunzira.

Mwamuna wake, wogulitsa inshuwalansi, munthu wa pakamwa potsetsereka, ndiye anabwera nazo kuchipinda. Anati iye sakupempha kuti wina abere mayeso, ayi, Mulungu amukhululukire, akungoti mwana athandizidwe. Anati n'zomvetsa manyazi kuti m'nyumba muli mphunzitsi koma mwana wa m'nyumba momwemo akumira. Mayi Rula atayankha kuti mwanayo ali ndi ndevu ndipo m'kalasi amakhala kumbuyo akuseweretsa foni, bamboyo anatembenukira kukhoma. Anakhala choyang'ana kukhomako mpaka mapeto a sabata, akulankhula ndi mkazi wake kudzera mwa ana.

Lamlungu masana, mbale zitachotsedwa, Mayi Rula anagonja. Anadziuza kuti kuphunzitsa si kuba. Anamuitana mlamuyo patebulo lodyera, ndipo uyo anabwera akukwekweretsa masilipasi, foni ili m'manja, ngati ndiye akuchitira wina chifundo. Mayi Rula anatsegula chikwama chake. Munali mapepala ambiri a zitsanzo zakale, koma dzanja lake linatulutsa la mayeso lenilenilo, ndipo anadziuza kuti ndi limene linali pamwamba. Kumutu kwa pepalalo kompyuta inali italemba mayankho m'timalemba tating'ono. Anapindira mutuwo kumbuyo, n'kupsinja ndi chala.

Kunena zoona, anaphunzitsa bwino masana amenewo. Anamuonetsa kuti magilafu awiriwo, wina pamwamba wina pansi, amayendera limodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuyambira pamene makina akugwedezedwa pang'onopang'ono mpaka pamene akugwedezedwa mothamanga, ndipo liwiro la kugwedezako ndiye fulikwensi. Anamukumbutsa kuti magilafuwo amajambulidwa lupu ili yotsegula, kutanthauza kuti mota isanayambe kumva za kuphonya kwake, koma amatiuza zimene zichitike tikaitseka. Yapamwamba ndi ya geni, m'madesibelo: pamwamba pa ziro makina akukulitsa chimene alandira, pansi pa ziro akuchichepetsa. Yapansi ndi ya fezi, m'madigiri, yosonyeza mmene yankho likutsalira m'mbuyo. Likatsalira ndi madigiri 180, kukonza kuja kumafika mochedwa moti kumakankhira mbali yomweyo ya cholakwa, ndipo ngati pamenepo geni sinatsike pansi pa ziro, kugwedezeka kumangodzidyetsa kokha.

"Ndiye penyani kuno, alamu," anatero, akuimika rula. "Mupeze pamene fezi yadula mainasi 180. Apa, pa fulikwensi 10. Mukwere ndi rula mpaka pagilafu yapamwamba. Mzere uli pansi pa ziro ndi zingati? Umenewo ndiye mpata wa geni. Tsopano mutembenuze. Mupeze pamene geni yadula ziro, apa, kungopitirira 4. Mutsike ndi rula mpaka pagilafu yapansi, muone kuti kwatsala madigiri angati kuti mufike pa mainasi 180. Umenewo ndiye mpata wa fezi. Wa geni mumayambira pansi n'kukwera, wa fezi mumayambira pamwamba n'kutsika. Basi."

Injiniya anati zimenezo n'zophweka, amazidziwa kale, kungoti aphunzitsi ena amazilimbitsa dala. Atapatsidwa rula anaigwira ngati supuni, n'kuigoneka chopingasa. Anawerenga mpata wa geni pamene geni yadula ziro, napeza ziro, n'kudabwa kuti bwanji yankho lake ndi lopanda kanthu. Mayi Rula anabwereza. Anamuuzanso kuti madesibelo 6 ndi kuchulukitsa kawiri, 12 ndi kanayi, ndipo kuti ukapotokola geni mzere wapamwamba wonse umakwera koma wa fezi susuntha. Mnyamatayo ankavomera ndi mutu, maso ali pafoni imene inkawala pamwendo pake. Apongozi anali pasofa akuluka, koma singano zinali zitaima kalekale.

Mayi Rula anamuyang'ana mlamu wakeyo ndipo anadziwa kuti ngakhale atakhala naye mpaka mvula ya chaka chamawa, m'mutu umenewo simulowa kanthu. Ananyansidwa naye, ananyansidwa ndi sutiyo, ananyansidwa ndi mwamuna wake amene ankayendayenda pakhonde ngati akudikira kuchipatala cha amayi. Kenako anaimirira n'kunena kuti akukamwa madzi. Ludzu analibe. Anaima pasinki n'kutsegula mpopi, tambula ikusefukira, ndipo ngakhale madzi ankasokosa anamva bwinobwino pepala likupindulidwa ndi kamera ya foni ikulira. Atabwerera anapeza mutu wa pepala uli wopindidwa monga anausiyira, Injiniya akumwetulira ngati wakhoza kale. Madzulo ake apongozi anathira zophika zawo m'poto wa onse, mwamuna wake n'kuyambanso kumutchula ndi mawu okoma.

Tsiku la mayeso Mlendo anafika m'mamawa. Anali mayi wachikulire, wamfupi, wa nsapato zafulati ndi magalasi a chingwe, ndipo ankangomung'unya timaswiti ta chifuwa. Ndi amene anamuphunzitsa Mayi Rula kontirolo kale ali mtsikana, ndipo pa anthu onse a ntchito imeneyi anali yekhayo amene Mayi Rula sankamuderera. Mkulu wa dipatimenti anakhala pambali pake, bambo wa mimba yake amene kontirolo anaisiya kalekale n'kuyamba misonkhano, ndipo ntchito yake tsikulo inali kuvomera zimene ena anena.

Ophunzira analowa mmodzimmodzi. Onse rula ankaigwira. Ankapeza mpata wa geni wa madesibelo 12, wa fezi wina amati madigiri 45, wina 43, malinga ndi kunenepa kwa pensulo yake, ndipo zonsezo zinkalandiridwa. Chopotokolera chinali pa 1. Ankauzidwa kuchipititsa pa 3, mkono unkagwedezeka kwa kanthawi ndithu, kenako n'kukhazikika, poti malire anali pa 4. Mtsikana wina anasokoneza mipata iwiriyo, ndipo Mayi Rula anamutsetserezera rula monga mwa chizolowezi chake mpaka misozi inalengeza. Sanamumvere chisoni.

Itakwana nthawi ya Injiniya, Mayi Rula anatola chikwama kuti atuluke. Mlendo anamuletsa, nati akhale kumbuyoko, bola asalankhule. Kenako anakokera kompyuta kwa iye, anasintha nambala imodzi, napita yekha kumakina osindikizira. Pobwerera anapotokola chopotokolera chija kuchoka pa 1 kufika pa 2.

"Wachibale timamusinthirako pang'ono," anatero mokoma mtima. "Si kukukayikirani, mwana wanga. N'kufuna kuti mawa pasapezeke wokulankhulani."

Mayi Rula anathokoza, ndipo mawu ake anatuluka bwinobwino. Pepala latsopanolo analiona pamene Mlendo ankadutsa nalo, ndipo diso lake silinafune rula. Gilafu ya fezi inali yomweyo, osasintha ndi kadontho komwe. Yapamwamba inali yofanana maonekedwe koma yonse itakwera ndi madesibelo 6. Pa fulikwensi 10 mzere unali pansi pa ziro ndi madesibelo 6 okha. Podula ziro panali patasunthira kumanja, pafupi ndi 7, pamene fezi inali itatsika kale, moti mpata wotsala unali madigiri 21 kapena chapompo. Linali funso losavuta, la mwana wa chaka choyamba. Munthu aliyense amene anamvetsera Lamlungu lija, ngakhale ndi khutu limodzi, akanangoimika rula kawiri n'kutuluka atakhoza.

Injiniya analowa atavala tayi, fungo la mafuta lili patsogolo. Anapereka moni kwa Mlendo ndi manja awiri, anamwetulira mkulu wa dipatimenti, ndipo mlamu wake sanamuyang'ane, kusonyeza kuti iyenso zinsinsi amazitha. Pepala anangoliponyera diso, naona mizere yozolowereka ija, nkhope yake n'kumasuka. Rula inali pomwepo, pafupi ndi dzanja lake lamanja. Mayi Rula anaiyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, akupemphera mumtima pemphero limene sanaganizepo kuti angalipemphere, loti chitsiru chigwire rula. Mnyamatayo anakwinya pamphumi, anasisita chibwano, anayendetsa chala mumlengalenga ngati akuwerengera, zonsezo kusewera chabe.

"Mpata wa geni ndi madesibelo 12," anatero. "Wa fezi ndi madigiri 44.1."

Mkulu wa dipatimenti anayamba kuvomera ndi mutu, poti manambala otere anali atawamva m'mawa wonse, ndipo cholembera chake chinali chikutsikira papepala. Anasiya ataona kuti Mlendo wasiya kumung'unya switi.

Mayi wachikulireyo sanakweze mawu. Anamufunsa mnyamatayo ngati angakonde kuonanso, nakankhira rula kwa iye ndi chala chimodzi. Apa ndi pamene Mayi Rula anadziwa kuti kunyoza konse kumene ankamunyoza mlamu wakeyo kunali kochepa. Munthu wanzeru pang'ono chabe akanamva kuti pansi paterera. Koma Injiniya anaseka, nakankhira rulayo pambali, n'kunena kuti ena akazolowera magilafu diso limakwanira. Mlendo anafunsa kuti madesibelo 12 amalola kuchulukitsa geni kangati. Kanayi, anayankha msanga, wokondwa kuti nachonso anachiloweza. Ndiye katatu sikangavute? Olo pang'ono, anatero Injiniya.

"Chili pa 2," anatero Mlendo. "Chipititseni pa 6, mulamule mkonowo."

Nambala ya 2 ija sinamuuze kanthu. Anapotokola monyada, nadina batani. Mkono unanyamuka, unapitirira pamene unatumidwa, unabwerera mopitiriranso, ulendo uliwonse kutalikirapo, kenako unayamba kumenya zitsulo zotchinga mbali zonse ziwiri, kho kho kho, tebulo lonse likunjenjemera. Rula inatsetsereka n'kugwa pansi. Injiniya analumphira m'mbuyo n'kugunda mpando. Mkulu wa dipatimenti anakuwa kuti mota ipsa, koma pamalo pake sanasunthe. Mlendo anatambasula dzanja n'kuzimitsa makinawo.

Mnyamatayo anayamba kunena kuti makinawo ndi akale, mwina waya wina wamasuka. Mlendo anamulola kumaliza. Kenako anatola rula pansi, naiimika papepala pa mainasi 180, nakwera nayo, namuuza kuti awerenge. Anawerenga 6, mawu atachepa. Anaisunthira podula ziro, natsika nayo, ndipo mnyamatayo atavutika kuchotsera anapeza 21. Mlendo anati n'chifukwa chake mkono unapenga: mpata unalipo unali wochulukitsa kawiri kokha, iye wachulukitsa katatu. Anati kuphonya kuwerenga si mlandu, ambiri amaphonya. Atatero anatsegula chikwama chake n'kutulutsa pepala loyamba lija, limene Mayi Rula anamutumizira mayeso asanayambe, mutu wake wosapinda, naliyala pambali pa latsopanolo.

"Koma chimodzi chikundivuta," anatero. "Rula ndi pensulo sizipereka 44.1. Anzanu onse amati 43, 45. Nambala imeneyi imalemba ndi kompyuta, ndipo ndi ya pepala ili, limene inu simunapatsidwe. Munaiona kuti?"

Mayi Rula anali atamvapo ophunzira ambiri akunama, ndipo ankadziwa kuti ngakhale wopusitsitsa amayesako. Amati ndinalota, amati mnzanga anandinong'oneza pakhonde, amati ndinangoganiza. Anayembekeza kuti mlamu wake, amene ankadya kunyumba kwake, kusamba madzi ake ndi kuwonera pansi pa babu limene iye anasintha, ayesako bodza limodzi lokha. Injiniya sanatenge ndi mpweya womwe. Anatembenuka, tayi itapotoka, naloza kumbuyo ndi dzanja lonse.

"Ndi alamu anga anandionetsa pepalalo. Kunyumba. Ine sindinawapemphe."

Mkulu wa dipatimenti anatsokomola n'kuyamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. Mlendo sanatembenuke msanga. Anavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, ndipo atamuyang'ana Mayi Rula m'maso mwake munalibe mkwiyo. Bola mukanakhala mkwiyo. Kunali kuyang'ana kuja kosalankhula, kumene Mayi Rula anakutengera kwa mayi yemweyu n'kukugwiritsa ntchito pa ana a eni kwa zaka zonsezi. Anafuna kunena kuti anapinda mutu wa pepala, kuti anangopita kukamwa madzi. Mawuwo anawamva mmene akanamvekera ndipo anawameza.

Mnyamatayo anatulutsidwa. Mlendo ananena mwachidule kuti mayeso a otsalawo apitirira ndi pepala latsopano, kuti a m'mawa aja nawonso akayikitsa poti palibe akudziwa kuti chithunzicho chinafika m'mafoni angati, ndipo kuti zonse azilemba mulipoti lake monga zachitikira. Mkulu wa dipatimenti, amene paja ankagwedeza mutu pamsonkhano, anapeza mawu tsopano. Anapempha makiyi a kabati ya mayeso ndi a labu, maso ali pawindo, n'kunena kuti ndi bwino mayi apite kunyumba kaye mpaka komiti idzawaitane. Mayi Rula anachotsa makiyiwo pakamphete n'kuwapereka. Rula yake inali patebulo pansi pa dzanja la Mlendo, ndipo sanaipemphe.

Pakhonde panali ophunzira a m'mawa aja, amene anatsala kudikira anzawo. Chitseko cha labu chinali chopyapyala, ndipo Injiniya potuluka sanatseke pakamwa. Anamupatukira njira monga ankachitira masiku onse, koma palibe anazyolika. Mtsikana amene analira uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatsonya, osabisa n'komwe.

Panja, poimika magalimoto, panali galimoto ya mwamuna wake. Anali atatseka ofesi msanga kuti adzatenge Injiniya, ndipo apongozi anali kumpando wakutsogolo atavala duku latsopano. Mnyamatayo anali atafika kale, atatsamira chitseko, akulankhula ndi manja onse awiri. Mayi Rula akuyandikira anamva mathero ake, akuti anamupatsa pepala lolakwika, anamuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Apongozi anati iwo anadziwa kale, mkazi uyu mwana wawoyu sanamufunepo, wachita dala.

Mayi Rula anaima pamaso pa mwamuna wake n'kumuuza, mawu ali pansi, kuti makiyi amulanda ndipo ntchito mwina yatha. Bamboyo anamva, poti anaphethira. Anayang'ana mng'ono wake, anayang'ana mayi ake, kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wagulitsidwa katundu wowola.

"Ndiye iwe," anatero, "ndi maphunziro ako onsewo, unalephera kumupatsa pepala lenileni?"

Mayi Rula anamuyang'ana mwamunayo. Anafunafuna mumtima mwake kunyoza kuja kumene kunkamukwanira tsiku lililonse, ndipo anakupeza kulipo kwambiri, kokwanira onse atatuwo. Koma atayamba kugawa anaona kuti gawo lalikulu likutsalira iye mwini, poti atatuwo sankadziwa kumene malire ali, pamene iye ankawaona bwinobwino ali pasinki paja, mpopi uli wotsegula.

Mwamuna wake anatsegula chitseko chakumbuyo n'kumuuza kuti alowe, asayambitse zionetsero pagulu. Injiniya anali atakhala kale mkatimo, miyendo atatambasula, akuyang'ana foni, ndipo sanasunthe kuti ampatse malo. Mayi Rula anakoleka chikwama paphewa, chopepuka popanda makiyi ndi rula, nalunjika kugeti wapansi. Kumbuyo kwake anamva apongozi akufunsa ngati sutiyo angathe kuibweza kushopu.